Musanadine Allow: zimene apu yatsopano ikupempha pafoni yanu

Apu yatsopano ikangolowa m'foni, timabokosi timayamba kutulukira pasikirini. Kena kakupempha kamera, kena manambala a anthu amene munasunga, kena malo amene muli. Ambiri timangodina Allow mothamanga kuti tifike pa chimene tatsitsira apuyo. Komatu kabokosi kalikonse ndi pempho loti apuyo itsegule mbali ina ya foni imene inali yotseka, ndipo mukavomera, imatha kugwiritsa ntchito mwayiwo inu osaona.

Mafoni a Android, monga a Tecno, itel ndi Samsung amene adzaza m'matumba mwathu, anayamba kufunsa motere mu 2015 pamene kunatuluka Android 6. Kale zilolezo zonse munthu ankazivomera pamodzi poika apu. Masiku ano mutha kuvomera china n'kukana china. Koma pali chilolezo chimodzi chimene foni sikufunsani n'komwe: cha intaneti. Apu iliyonse imene yachifuna imachipeza yokha. Choncho chilichonse chimene mwailola kuwerenga, ingathenso kuchitumiza kunja.

Funso lothandiza n'limodzi: kodi chimene apuyi ikupempha chikugwirizana ndi ntchito yake? WhatsApp ikapempha maikolofoni, n'zomveka, chifukwa mumajambulira mawu. Apu ya mapu ikapempha Location, palibe chodabwitsa. Koma tochi ikufuna malo amene muli kuti itani? Zimenezi zinachitikadi. Mu 2013 bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linapeza kuti apu ya tochi yotchedwa Brightest Flashlight Free inkatumiza malo amene anthu ali kwa makampani otsatsa malonda, eni mafoni osadziwa.

Tiyeni titsatire chitsanzo cha apu ya ngongole, poti apa m'pamene anthu ambiri amapwetekera. Tinene kuti pagulu la WhatsApp pafika linki yolonjeza K50,000 m'mphindi zochepa, popanda chikole. Mukadina, mukutsitsa fayilo yothera ndi .apk, ndipo foni ikukuuzani kuti mulole Install unknown apps. Ili ndi chenjezo loyamba: apuyi sinadutse ku Play Store, ndiye palibe amene anaunika zimene imapempha.

Mukaitsegula, ikupempha Camera kuti mujambule chiphaso chanu. Izi zili ndi chifukwa, ndipo mutha kusankha Only this time, chilolezo chimene chimatha chokha mukachoka mu apuyo. Kenako ikupempha Contacts. Apa imani kaye. Wobwereketsa ndalama safunikira nambala ya apongozi anu, ya abusa kapena ya abwana anu akuntchito kuti adziwe ngati mungabweze. Manambalawo ndiwo chikole chimene ananena kuti palibe. Ku Kenya anthu ambiri anadandaula kuti akachedwa kubweza, maapu ena ankatumizira abale ndi anzawo mauthenga owachititsa manyazi, ndipo mu 2022 banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa malamulo oyendetsera obwereketsa a pafoni. Nayo Google mu 2023 inaletsa maapu a ngongole a pa Play Store kutsegula manambala ndi zithunzi za anthu. Ndiye apu ya ngongole ikaumirira zimenezi lero, dziwani kuti mwakumana ndi katapila wosaopa lamulo.

Pempho lotsatira ndi la SMS, ndipo ili n'loopsa koposa la manambala. M'mameseji mwanu muli mauthenga onse a Airtel Money, Mpamba ndi a kubanki: ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala. M'menemonso ndi mmene mumafikira manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi, amene banki imatumiza pofuna kutsimikiza kuti ndinudi. Apu imene ikuwerenga mameseji imaiona nambalayo nthawi yomweyo ndi inu. Ena amati akufuna chilolezochi kuti akulembereni nambala yotsimikizira inu osavutika. Chifukwa chimenechi n'chosakwanira, popeza Android ili ndi njira yoti apu ilandire uthenga wake umodzi wokhawo osaona ena onse, ndiponso nambalayo mutha kuilemba nokha.

Zilolezo zoopsa kwambiri sizibwera m'kabokosi ayi. Apu imakutengerani ku Settings n'kukuuzani kuti muyatse kenakake ndi dzanja lanu. Chachikulu mwa izo ndi Accessibility. Chinapangidwira anthu osaona ndi ena amene amavutika kugwira foni, kuti apu iziwawerengera zimene zili pasikirini ndi kuwadinira mabatani. Ndi ntchito yabwino kwambiri, koma taganizani mphamvu imeneyi ili m'manja mwa wakuba: akuona zimene zikutuluka pasikirini, akutha kutsatira zimene mukulemba, ndipo akutha kudina Allow pa zilolezo zina zonse m'malo mwanu. Umu ndi mmene inkagwirira ntchito FluBot, apu yakuba imene inafala ku Ulaya mu 2021 podzionetsa ngati yotsatirira katundu wotumizidwa. Ine ndimaona kuti apu ya ngongole, ya masewera kapena ya nyimbo ikangotchula Accessibility, nkhani yatha, ichotsedwe.

Mnzake wa chimenechi ndi Display over other apps, chimene chimalola apu kujambula pamwamba pa apu ina. Messenger imachigwiritsa ntchito potulutsa timitu tozungulira tija. Wakuba amachigwiritsa ntchito poyala tsamba labodza pamwamba pa apu ya banki, inu n'kulembamo nambala yachinsinsi mukuganiza kuti muli pamalo oyenera. Palinso Notification access, chowerengera mauthenga onse otulukira pamwamba pa sikirini, ndi Device admin apps, chimene chimachititsa kuti apu ikane kuchotsedwa mpaka mutachizimitsa.

Si pempho lililonse lachilendo limene lili loipa. Maapu otumizirana mafayilo, ngati Xender, ndi a zipangizo za Bluetooth amapempha Location pa mafoni akale chifukwa Android inkafuna chilolezocho apu isanafufuze zipangizo zapafupi. Kuyambira pa Android 12 pali chilolezo chakechake cha Nearby devices. Njira yabwino yoyesera ndi kudina Don't allow n'kuona chimene chichitike. Apu yolongosoka imapitiriza kugwira ntchito, ndipo imadzapemphanso mukafika pa mbali imene ikufunadi chilolezocho. Imene yatsekeratu chitseko mpaka mutaipatsa manambala ndi mameseji yadziulula yokha.

Kuti muone zimene munavomera kale, pitani ku Settings, mufufuze Permission manager. Malo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa foni, koma mukalemba dzinalo m'kabokosi kofufuzira litulukira. Yambani ndi SMS, Contacts, Microphone ndi Location, ndipo pa Location sankhani While using the app m'malo molola nthawi zonse. Zoopsa zija, kupatula Accessibility imene ili ndi malo akeake, zimapezeka pa Special app access. Ngati foni yanu ili ndi Android 12 kapena yatsopano kuposa apo, kadontho kobiriwira pakona ya sikirini kamasonyeza kuti kamera kapena maikolofoni ikugwira ntchito. Kakayaka inu musakujambula kapena kuimba foni, tsitsani sikirini kuchokera pamwamba n'kukadina, kakuuzani apu yake.

Dziwani kuti kulanda chilolezo kumangoletsa zam'tsogolo. Manambala amene apu inakopera kale sabwerera. Ngati munailola SMS kapena Accessibility, zimitsani intaneti, muizimitse pa Device admin apps ngati ilipo, muichotse, kenako musinthe manambala achinsinsi a banki ndi a ndalama za pafoni. Mukaona ndalama zatuluka mosadziwika, imbirani banki kapena kampani yanu ya foni tsiku lomwelo kuti atseke akaunti.