Mphindi ziwiri za bwenzi la mkwati

Pa madyerero a ukwati nthawi yambiri imathera pa perekaniperekani, choncho bwenzi la pamtima la mkwati likapatsidwa maikolofoni limakhala ndi mphindi ziwiri basi. Ambiri amaziwononga popereka malangizo a banja. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe ndi abusa, ndipo anaigwira kale. Chimene bwenzi lili nacho, chomwe ankhoswe alibe, n'chakuti linamuona mkwati ali pa moyo wa tsiku ndi tsiku, asanavale suti. Lifotokoze zimenezo.

Yambani ndi ulemu, koma mwachidule: makolo a mbali zonse ziwiri, ankhoswe, atsogoleri a mpingo, ndi onse obwera. Mukayamba kutchula mayina mmodzimmodzi mudzaiwala azakhali ena, ndipo mphindi imodzi idzakhala itapita.

Kenako nkhani imodzi yokha, yooneka ndi maso. Kunena kuti mkwati ndi munthu wachikondi sikukhudza aliyense, chifukwa paukwati uliwonse amatero. Tamvani izi:

"Ine ndi achimwenewa tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Ndirande. Mwezi wina ntchito inandithera. Sanandifunse kanthu. Madzulo ankangobwera ndi bonya ndi tomato, n'kunena kuti, 'Yatsa mbaula.' Miyezi itatu. Alamu, munthu amene mwamutengayu ndi ameneyo. Ndipo chikumanireni ndi inu, ndamuona akuseka kuseka kumene ine sindinkakudziwa."

Taonani kufupika kwa ziganizozo. Papepala zikuoneka zodukaduka, koma pakamwa zimapereka mpata wopuma, komanso mpata woti amayi aimbe nthungululu. Wowerenga akasokonezeka amabwerera mmbuyo. Womvera muholo yodzaza, ana akulira, sangatero. Taonaninso kuti nkhaniyo yatembenukira kwa mkwatibwi. Apa mpamene ambiri amaphonya: amatamanda mnzawo mpaka kumapeto ngati kuti wakwatira yekha, akuchikazi n'kungokhala ndwii.

Mukalemba, werengani mokweza mutaimirira, wotchi ili pambali. Pamene mpweya wakutherani, dulani chiganizocho pawiri. Liwu limene simungalinene pocheza ndi mnzanuyo lichotseni. Papepala lonyamula m'manja lembanipo mfundo zitatu kapena zinayi m'zilembo zikuluzikulu, kuti maso akhale pa anthu.

Nthabwala iliyonse iyeseni ndi funso limodzi: kodi agogo a mkwatibwi angaseke nawo? Za zibwenzi zakale, za mowa ndi za ngongole zisiyeni kunyumba. Mudzadziwa kuti mwatalikitsa anthu akayamba kuyang'ana m'mafoni, kapena woyendetsa mwambo akayamba kukuyandikirani.

Pomaliza auzeni anthu chochita, chifukwa sangalote kuti mwatha: "Tiyeni tonse tiimirire, tikweze matambula athu." Dikirani mipando ileke phokoso, aliyense agwire chakumwa chake, kaya ndi Fanta kaya thobwa. Mukatero yang'anani awiriwo, atchuleni mayina, munene chiganizo chimodzi chowafunira mafuno abwino, mumwe, mubweze maikolofoni.