Hita ikafa ku Jeremani: imelo yopita kwa mwini nyumba

M'mwezi wa Januwale ku Jeremani, nyumba yopanda chotenthetsera imazizira mofulumira kuposa momwe munthu wozolowera chisanu cha ku Dedza angaganizire. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu, zipupa zimayamba kugwira chinyontho, zovala zochapa sizikuuma, ndipo munthu umagona utavala jekete. Amene wapita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, nzeru yoyamba imene imamubwerera ndi yoimbira foni mwini nyumba. Kuimba n'kwabwino, ndipo kuchitike msanga. Koma foni siisiya umboni. Tsiku lomwelo pafunika imelo, chifukwa imeloyo imathandiza kusonyeza tsiku limene munadziwitsa mwini nyumba za vutolo.

Nkhani za lendi zili m'buku la malamulo limene Ajeremani amalitchula mwachidule kuti BGB. Ndime 535 imati mwini nyumba ayenera kusunga nyumbayo ili bwino nthawi yonse imene mukuchita lendi, ndipo chotenthetsera chili m'gulu la zimene ayenera kusamala. Koma ndime 536c imatembenukira kwa wochita lendi: ukaona chowonongeka, unene mosazengereza. Ukakhala chete, ufulu wochepetsa lendi utha kukuthawa, ndipo ngati chinthu china chawonongeka chifukwa cha kukhala chete kwakoko, monga mapaipi kuphulika madzi ataundana m'kati, ndalama zokonzera zitha kugwera iwe. Choncho imeloyi si kupempha chifundo. Ndi chidziwitso chimene lamulo likufuna kwa inu, ndipo mukachipereka, udindo umasamukira kwa mwini nyumba.

Musanalembe, dziwani chimene chafa. Nyumba zambiri za kumeneko zimatenthetsedwa ndi madzi otentha amene amayenda m'mapaipi kuchokera ku makina apakati, nthawi zambiri m'chipinda cha pansi pa nyumba, n'kufika m'zitsulo zomangirira kukhoma m'chipinda chilichonse. Dongosolo lonselo ndi `Heizung`, pamene chitsulo chimodzi cha kukhoma ndi `Heizkörper`. Zitsulo zonse zikazizira, vuto lili ku makina, ndipo mwina anansi anu nawonso akunjenjemera, gogodani muwafunse. Chikazizira chimodzi chokha, kapena chikutentha m'munsi koma pamwamba n'chozizira uku chikulira ngati madzi akubwata, kawirikawiri mwalowa mpweya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa ndi kakiyi kakang'ono kotulutsira mpweyawo. Mwini nyumba akawerenga imelo yanu amafuna adziwe ngati atumize wosamalira nyumba kapena aitane mmisiri wa makina, ndipo mawu oti "hita sikugwira" samuthandiza kusankha.

Tiyerekeze kuti mayi wina wophunzira za unamwino akukhala m'nyumba ya lendi, ndipo Lolemba pa 13 Januwale 2025 zitsulo zonse zazizira. Waimba foni, sinayankhidwe. Lachiwiri m'mawa wayeza kutentha kwa pabalaza, wapeza madigiri 14, wajambula kachipangizo koyezerako, n'kulemba chonchi (dzina ndi adiresi n'zongopeka):

```
Betreff: Mängelanzeige: Heizungsausfall, Musterstraße 12, 2. OG links

Sehr geehrte Frau Becker,

seit Montag, dem 13.01.2025, ist die Heizung in meiner Wohnung
ausgefallen. Alle Heizkörper bleiben kalt, auch auf Stufe 5.
Heute um 8 Uhr habe ich im Wohnzimmer 14 Grad gemessen.
Warmwasser ist vorhanden.

Ich bitte Sie, die Heizung bis spätestens Freitag, den 17.01.2025,
reparieren zu lassen. Ich bin täglich ab 15 Uhr zu Hause.

Bis zur Reparatur zahle ich die Miete unter Vorbehalt und behalte
mir eine Mietminderung vor.

Bitte bestätigen Sie mir den Eingang dieser E-Mail.

Mit freundlichen Grüßen
Vorname Nachname
```

Mzere wa mutu wanena kale zonse: ichi ndi chidziwitso cha chowonongeka, chafa ndi chotenthetsera, nyumbayo ili pa adiresi yakuti, nsanjika yachiwiri, khomo la kumanzere. Izi n'zofunika chifukwa nthawi zambiri amene amawerenga si mwini nyumba weniweni koma kampani yoyang'anira nyumba, imene iwo amati `Hausverwaltung`, yokhala ndi nyumba zambirimbiri m'manja mwake. Pangano lanu la lendi ndilo limanena kuti nkhani zotere muzizitumiza kwa ndani, ndiye lionenso musanatumize.

Moni wake ndi wouma kwa khutu la kwathu. Ife tinaleredwa kuti usanafike pa nkhani, uyambe wafunsa za moyo, za ana, za kunyumba, ndipo kudumpha zimenezo n'kusaleredwa bwino. M'kalata ya Chijeremani ulemu umakhala kwina. Uli m'mawu oti `Sehr geehrte Frau` kwa mayi kapena `Sehr geehrter Herr` kwa bambo, kenako dzina la banja, osati loyamba. Ngati simukudziwa amene awerenge, mumalemba `Sehr geehrte Damen und Herren`. Uli m'mawu oti `Sie` ndi `Ihnen` oyamba ndi chilembo chachikulu, amene amagwira ntchito ngati "inu" wathu waulemu. Pambuyo pa moni pali koma, ndipo chiganizo chotsatira chimayamba ndi chilembo chaching'ono, monga `seit` m'chitsanzomu. Kumapeto, `Mit freundlichen Grüßen` alibe koma. Mukatsata izi, mwalemekeza mokwanira, ndipo kupepesa kuti mwasokoneza n'kosafunika. Ine ndimaona kuti kupepesa kwambiri kumangofooketsa kalata: wowerenga amaganiza kuti nkhaniyo itha kudikira.

Ndime yoyamba ili ndi zinthu zoti wina atha kuzitsimikizira: tsiku, zitsulo zingati, madigiri angati, nthawi yanji. Nambala 5 ndiyo yomaliza pa kachotembenuza ka pachitsulo. Pa 3 chipinda chimayenera kufika pafupifupi madigiri 20. Mukanena kuti ngakhale pa 5 chitsulo n'chozizira, mwatseka kale funso loti kodi munatsegula. Nambala ya madigiri ndiyo yolemera kuposa zonse. Malamulo salemba madigiri enieni, koma makhoti a kumeneko akhala akugamula kuti m'nyengo yotenthetsa, imene kawirikawiri imawerengedwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Epulo, wochita lendi azitha kufikitsa zipinda zokhalamo pa madigiri 20 mpaka 22 masana, ndi pafupifupi 18 usiku. "Kukuzizira kwambiri" ndi mmene inu mukumvera, ndipo mwini nyumba atha kutsutsa. Madigiri 14 pa 8 koloko m'mawa, ndi chithunzi chake, n'zovuta kutsutsa. Kachiganizo konena kuti madzi otentha a kubafa akadalipo n'kothandiza mmisiri, chifukwa kamamuuza kuti mwina makinawo sanafe onse.

Tsopano pa tsiku la malire, pamene ambiri amalakwa. Amalemba `so bald wie möglich`, kutanthauza kuti mwamsanga momwe kungathekere, poganiza kuti ndiwo ulemu. Koma mawu amenewo alibe tsiku limene amatha. Ndime 536a imalola wochita lendi kuitana yekha mmisiri n'kuuza mwini nyumba kuti abweze ndalama, ngati mwini nyumbayo wachedwa kukonza atakumbutsidwa. Njira yosavuta yosonyezera kuchedwako ndi tsiku lolembedwa limene ladutsa osakonza. Tsikulo liyenera kukhala loti munthu angakwanitse. Pa chowonongeka wamba, monga chitseko cholira, anthu amapereka milungu iwiri. Chotenthetsera chikafa chonse pakati pa chisanu, masiku atatu kapena anayi n'okwanira, ndipo ngati m'nyumbamo muli khanda kapena wodwala, zineneni. Amene amathamangira kuitana mmisiri asanapereke mpata kwa mwini nyumba nthawi zambiri amatsala ndi lisiti m'manja, wolipira palibe. Kupatulapo ndi ngozi yeniyeni, monga kunja kukuundana ndipo mwini nyumba sakupezeka paliponse.

Ndime yachitatu ya imelo ndiyo imaopsa alendo ambiri, chifukwa imaoneka ngati kuopseza. Kwa Mjeremani ndi mawu a masiku onse. Ndime 536 imati nyumba ikakhala ndi vuto lalikulu, lendi imatsika yokha mwa lamulo pa masiku amene vutolo lilipo. `Unter Vorbehalt` akutanthauza kuti ndikulipira yonse, koma ndikusunga ufulu wanga wodzatenga gawo lina pambuyo. N'chifukwa chiyani osangodula lendi pompo? Tiwerengere. Tinene kuti mayi uja amalipira mayuro 750 pamwezi, kuphatikiza ndalama za madzi ndi zotenthetsera, chifukwa kuchepetsako kumawerengedwa pa lendi yonse. Patsiku ndi mayuro 25. Chotenthetsera chikafa masiku anayi, ndi mayuro 100, ndipo ngati atagwirizana kuti achotse theka, abweza 50. Gawo lochotsalo lilibe muyezo umodzi: makhoti amagamula mosiyanasiyana, potengera kuzizira kwake ndi zipinda zimene zakhudzidwa. Wodula lendi yekha mopitirira amasanduka wangongole, ndipo ngongoleyo ikakwana lendi ya miyezi iwiri, ndime 543 imalola mwini nyumba kuthetsa pangano nthawi yomweyo. M'mizinda ngati Berlin ndi Munich, kumene kupeza nyumba n'kovuta kwambiri, kuika nyumba pachiswe chifukwa cha mayuro ochepa si nzeru. Lipirani yonse, lembani mawu awiriwo, ndipo muwalembenso potumiza ndalama ku banki.

Mwina mwini nyumba angayankhe kuti pangano lanu limati zokonza zing'onozing'ono ndi za wochita lendi. Mawu otero amapezekadi m'mapangano ambiri, koma amakhudza tinthu timene mumagwiragwira tsiku ndi tsiku, monga mpopi kapena kachotembenuza kaja, ndipo amakhala ndi malire a ndalama, kawirikawiri pafupifupi mayuro 100 pa kukonza kumodzi. Makina otenthetsa nyumba sali m'gulu limenelo.

Chiganizo chomaliza chimapempha kuti atsimikize kuti imelo yafika. Chifukwa chake n'choti kutumiza imelo si umboni woti yalandiridwa, ndipo pakabuka mkangano, amene ayenera kusonyeza kuti chidziwitso chinafika ndi inu. Yankho lililonse, ngakhale lalifupi, limathetsa nkhani imeneyo. Tsiku likapita kuli zii, sindikizani mawu omwewo papepala, sainani, n'kutumiza pa positi ngati `Einwurf-Einschreiben`, kalata imene wapositi amalemba tsiku limene waiponya m'bokosi. Kapena kaiponyeni nokha muli ndi mnzanu amene waiwerenga, kuti akhale mboni.

Masiku odikirawo, yezani madigiri m'mawa ndi madzulo n'kumalemba. Mukagula kahita ka magetsi, sungani lisiti, ndipo ndi bwino kudziwitsiratu mwini nyumba, chifukwa magetsi kumeneko ndi okwera mtengo ndipo mungadzafune kuti abweze. Lachisanu likadutsa mmisiri osabwera, imelo yachiwiri imatchula yoyamba ndi tsiku lake, imanena kuti malire adutsa, imaika tsiku lomaliza, n'kudziwitsa kuti likapitanso mudzaitana mmisiri nokha pa ndalama za mwini nyumba. Musanachite zimenezo, pitani ndi pangano lanu, maimelo onse awiri ndi mndandanda wa madigiri ku bungwe la ochita lendi la mumzinda mwanu, limene amati `Mieterverein`. Mamembala amalipira ndalama ya pachaka, ndipo alangizi ake amaona mapepala anu n'kukuuzani gawo la lendi limene mungachotse popanda kudziika m'mavuto.