Foni kapena Rauta: Gulu la Ophunzira Lisankhe Chiti?

Ophunzira asanu a kwa Nthalire m'boma la Chitipa, amene akukonzekera kulembanso mayeso a MSCE, akasonkherana ndalama zogulira bandulo imodzi, funso loyamba limakhala lakuti Intaneti aigawane bwanji. Njira zilipo ziwiri: kutsegula hotisipoti pa foni ya mmodzi wa iwo, kapena kugula rauta ya m'thumba, ija yotchedwa MiFi.

Ambiri amayesa kuti rauta ndiyo ili ndi liwiro. Koma zipangizo zonse ziwiri zimatunga pa chitsime chimodzi, ndicho nsanja ya Airtel kapena ya TNM imene ili pafupi. Kumene phiri latchinga nsanjayo, rauta nayonso imajejema. Choncho gulu liyambe layesa masimukhadi onse awiri pamalo penipeni pamene limawerengera, lisanaononge ndalama.

Kusiyana kwake kuli poti foni ili ndi mwini wake. Iye akapita kumsika, phunziro limathera pomwepo. Wina akamuyimbira, foni zambiri zimachoka pa 4G n'kutsikira ku 3G kapena 2G, ndipo Intaneti imafooka kapena kudukiratu kufikira atatha kulankhula. Komanso hotisipoti imatenthetsa foni ndi kudya moto msanga, chinthu chowawa kumene kutchaja nkolipira. Rauta ilibe ntchito ina. Ikhoza kutsala pawindo pamene netiweki imagwira bwino, ophunzira ali pamthunzi. Koma imafuna ndalama yoigulira, simukhadi yakeyake, ndi munthu wokhulupirika woisunga.

Pali msampha umodzi umene rauta imabweretsa. Foni ikalumikizidwa ku rauta, kawirikawiri imayesa kuti yapeza Intaneti yopanda malire, ndipo imayamba kutumiza zithunzi ndi kukonzanso mapulogalamu ake mwakachetechete. Laputopu ya Windows ndiye imachita zimenezi ngakhale pa hotisipoti. Chizindikiro chake n'chakuti bandulo imatha pamene aliyense akungowerenga. Mankhwala ake ndi kutsegula Metered connection pa laputopu, ndi kuletsa mafoni kudzikonzanso okha.

Masamu a bandulo nawo ndi osavuta. Ngati phunziro la pa vidiyo la ola limodzi likudya theka la gigabaiti, asanuwo akaonera aliyense payekha amatha magigabaiti awiri ndi theka, ndipo liwiro limagawika pasanu. Mmodzi akakopera phunzirolo n'kugawira anzake pa memore khadi, theka lomwelo limakwanira onse.

Tsono gulu lokumana kamodzi pa mlungu, la anthu awiri kapena atatu, foni ilikwanira. Koma lokumana tsiku ndi tsiku mpaka mayeso lipindula ndi rauta, malinga ligwirizane kaye mu kope za woisunga, za tsiku losonkha, ndi za amene adzaitenge mayeso akadzatha, pakuti mkangano wa magulu otere umabuka pa tsiku lomwazikana.