Kalaputopu m'manja, mphamvu zili kunyumba

Tiyerekeze wojambula maukwati wa ku Lilongwe. Kompyuta yake yaikulu yokonzera mavidiyo waisiya kunyumba, iye ali ku Blantyre ndi kalaputopu kakale, ndipo eni ukwati akumuimbira kuti adule pena pake lero lomwe. Kalaputopuko kamajema kakangoona vidiyo ya 4K. Komabe ntchitoyo itheka.

Pakompyuta yakunyumba amaikapo pulogalamu ya Sunshine, palaputopu ya Moonlight. Zonse ndi zaulere, ndipo amazilumikiza kamodzi ndi nambala ya manambala anayi. Ntchito yolemera imachitikira kunyumba. Kompyuta yaikuluyo imajambula zimene zili pasikirini pake, n'kuzipanikiza kukhala vidiyo, n'kuzitumiza. Laputopu imangoonetsa, n'kubweza zimene mwini wake wadina pakiyibodi ndi pamausi. Amagemu nawo amachita chimodzimodzi.

Ambiri amada nkhawa ndi laputopu, koma ine ndimati yambani mwayeza liwiro limene intaneti yakunyumba imatumizira zinthu kunja. Otsatsa amatchula liwiro lolandirira, pomwe lotumizira nthawi zambiri limakhala lochepa. Moonlight ikaikidwa pa 1080p, zithunzi 60 pa sekondi, imayambira pa mamegabiti 20 pa sekondi. Pamenepa ndiye pamene thumba limalira: ola limodzi limadya magigabaiti 9, ndipo ngati kwinako ndi kunoku n'kwa bandulo, mulipira kawiri. Mukatsitsa kufika pa mamegabiti 10, mudya theka lake, ndipo kudula vidiyo kumathekabe bwinobwino.

Mukadina Ctrl+Alt+Shift+S, Moonlight imaonetsa manambala okuuzani pomwe pavuta. Chithunzi chikamachita mabokosimabokosi, njira yachepa, tsitsani mamegabiti. Chikamaoneka bwino koma mausi ikutsalira m'mbuyo, vuto ndi kuchedwa kwa netiweki. Chithunzi chimodzi chimatenga mamilisekondi 17 okha, choncho wosewera gemu yothamanga amakumva msanga kuchedwako kusiyana ndi wodula vidiyo. Kompyuta yakunyumba muilumikize ku rauta ndi waya, osati waifai.

Intaneti yamafoni kawirikawiri siilola wakunja kugogoda mwachindunji, chifukwa makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi. Pulogalamu ya Tailscale, ikaikidwa pamakina onse awiri, imawachititsa kuonana ngati ali m'nyumba imodzi.

Nanga magetsi akathima ku Lilongwe? Mu BIOS ya makompyuta ambiri muli posankha pa Restore on AC Power Loss. Mukapatsegula, kompyuta imayaka yokha magetsi akabwera. Izi muziyese musananyamuke.

Chimodzi chokha ndingamuletse wojambula wathu uja: asakonzere mitundu kutaliko. Kupanikiza kuja kumataya mbali ina ya mitundu, ndipo sikirini ya kalaputopu imanama. Adule, alumikize, aike nyimbo, koma kuyera kwa diresi la mkwatibwi akakuweruze atafika kunyumba.