Mlendo Wosalankhula M'kompyuta: Kukonza Mawu, Kiyibodi ndi Sikirini mu VirtualBox

Laputopu imodzi ikhoza kuyendetsa Windows ndi Ubuntu nthawi imodzi. Pulogalamu ya VirtualBox, imene ili m'manja mwa kampani ya Oracle kuyambira mu 2010, imapanga kompyuta yongoyerekezera m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Yeniyeniyo ndiye mwininyumba, ya m'katiyo ndiye mlendo. Ophunzira zamakompyuta amaikonda chifukwa amatha kuyeserera Linux popanda kufufuta Windows.

Koma mlendoyu akangofika, madandaulo atatu sachedwa: kanema akusewera koma kuli zii, munthu akalemba @ pakutuluka chizindikiro china, ndipo zilembo pa sikirini zikuoneka mwachimbuuzi. Gwero lake ndi limodzi. Mlendo saona zipangizo zenizeni za laputopu. Amangoona zipangizo zongoyerekezera zimene VirtualBox yamupatsa, choncho wokonza ayenera kudziwa kaye ngati vuto lili kwa mwininyumba, m'zipangizo zongoyerekezerazo, kapena mwa mlendo mwiniwakeyo.

Tiyerekeze wophunzira amene wagula laputopu ya kaunjika yochokera ku Britain, ya sikirini ya mainchesi 14 ndi mapikiseli 1920 × 1080, ndipo waika Ubuntu ngati mlendo.

Chimbuuzi ndicho chimayamba kumutopetsa maso. Mlendo amene sakudziwa kukula kwa windo lake nthawi zambiri amajambula chithunzi chaching'ono, mwina cha 1024 × 768. Amenewa ndi mapikiseli 786,432, pamene sikirini ya laputopuyo ili ndi 2,073,600. Wophunzirayo poona kawindo kakang'ono amasankha Scaled Mode pa View, kapena amakweza Scale Factor. Windo limakuladi, koma mapikiseli sanawonjezeke. VirtualBox yangokoka chithunzi chomwe chija, n'chifukwa chake m'mbali mwa zilembo mumayerayera. Kuti atsimikize, angotsegula Displays mu Settings ya Ubuntu n'kuona nambala ili pa Resolution. Ikakhala yochepa kuposa kukula kwa windo, ndiye kuti chithunzicho n'chokoka.

Mankhwala ake ndi Guest Additions, gulu la madalaiva amene amaikidwa m'kati mwa mlendo kuti azimvana ndi mwininyumba za kukula kwa windo. Poyamba mlendo amafunika zida zomangira madalaivawo:

```
sudo apt install build-essential dkms linux-headers-$(uname -r)
```

Kenako pa Devices asankhe Insert Guest Additions CD image, atsegule Terminal m'foda ya chimbalecho n'kulemba `sudo sh ./VBoxLinuxAdditions.run`, akatero azimitse mlendo. Ali chizimire, ayang'ane Display mu Settings ya VirtualBox: Graphics Controller akhale VMSVGA, amene ndi woyenera Linux, ndipo Scale Factor abwerere pa 100%. Mlendo wa Windows 7 kapena Windows yatsopano amafuna VBoxSVGA. Akayatsanso, atuluke mu Scaled Mode podina Ctrl wa kumanja pamodzi ndi C, kenako achonge Auto-resize Guest Display pa View.

Zilembo tsopano zimaoneka bwinobwino koma zimachepa kwambiri, pajatu sikirini ndi ya mainchesi 14 okha. Apa mpamene ambiri amabwerera ku Scale Factor n'kudziitaniranso chimbuuzi. Kukulitsa kuchitike m'kati mwa mlendo: Ubuntu ali ndi Large Text pa Accessibility, komanso Fractional Scaling pa Displays imene imalola 125% kapena 150%. Large Text ndiyo yabwino kuyamba nayo, chifukwa Fractional Scaling imachititsabe chimbuuzi m'mapulogalamu ena akale. Pali anthu amene amalangiza kuti Video Memory ikwezedwe kufika pa 128 MB. Kuteroko sikulakwa, koma chithunzi chimodzi cha 1920 × 1080 chimangodya pafupifupi 8 MB, ndiye kukweza pakokha sikungawongole chithunzi chokoka.

Za kiyibodi n'zina, ndipo Guest Additions sizithandiza kanthu. Munthu akadina batani, VirtualBox situmiza chilembo kwa mlendo. Imangotumiza nambala ya batanilo, ndipo mlendo ndi amene amamasulira nambalayo potsatira kiyibodi imene anauzidwa. Wophunzira wathu poika Ubuntu anangodina Continue, n'kusiya English (US), pamene mabatani a laputopu yake ndi a ku Britain. Zilembo za A mpaka Z zili pamalo ofanana pa makiyibodi awiriwa, n'chifukwa chake vutoli limabisala mpaka tsiku lolemba adiresi ya imelo. Kuliyesa n'kosavuta: adine Shift ndi 2. Pa kiyibodi ya ku Britain pamatuluka ", pa ya ku America pamatuluka @. Shift ndi 3 imapereka £ ku Britain, koma # ku America.

Lamulo la `localectl status` limaonetsa kiyibodi imene Ubuntu yonse ikutsatira. Dzina lachidule la ya ku Britain ndi `gb`, osati `uk`. Angathe kuwonjezera English (UK) pa Input Sources mu Settings, koma zimenezo zimangokhudza akaunti yake akalowa. Kuti asinthe ya makina onse, alembe izi n'kuyatsanso mlendo:

```
sudo dpkg-reconfigure keyboard-configuration
```

Asanachite zimenezi aganizire za pasiwedi, chifukwa pali msampha. Ngati poikhazikitsa anadina batani lolembedwa @ pamene mlendo ankamasulira mwa chi America, chimene chinasungidwa ndi ". Ankalowa bwinobwino masiku onsewa chifukwa ankadina mabatani omwewo. Akangokonza kiyibodi, batani lomwelo liyamba kutulutsa @ weniweni, ndipo pasiwedi ikanidwa. Njira yabwino n'kuyamba wasintha pasiwedi kuti ikhale ya zilembo ndi manambala okha, kenako n'kukonza kiyibodi. Ikakhala kuti yakanidwa kale, alembe " pamalo pamene ankaganiza kuti pali @.

Mawu nawo sadalira Guest Additions. Amadutsa malo atatu, ndipo wofufuza ayambire kwa mwininyumba. Ngati Windows ikuimba nyimbo bwinobwino, atsegule Volume Mixer aone ngati VirtualBox payokha sinatsekedwe pakamwa, chifukwa Windows imalola kuzimitsa mawu a pulogalamu imodzi n'kusiya ena onse. Chachiwiri, pa Devices m'windo la mlendo pali Audio, ndipo Audio Output iyenera kukhala yochonga.

Zonsezi zikakhala bwino, alowe mwa mlendo alembe `aplay -l`. Pakatuluka dzina la khadi la mawu, ndiye kuti chipangizo chilipo, mwina voliyumu ya Ubuntu ndiyo yatsitsidwa, ndipo `speaker-test -c 2 -t wav` iyesa sipika ya kumanzere ndi ya kumanja. Koma pakatuluka uthenga woti palibe khadi, kapena pa Sound pakalembedwa Dummy Output, ndiye kuti mlendo sakuona chipangizo chilichonse chotulutsira mawu. Azimitse mlendo kotheratu, osati Save the machine state, chifukwa VirtualBox silola kusintha zipangizo za mlendo amene wangogonekedwa. Pa Audio mu Settings achonge Enable Audio, aonetsetse kuti Host Audio Driver sali pa Null Audio Driver, ndipo pa Audio Controller asankhe Intel HD Audio.

Kusankha kumeneku n'kofunika kwambiri mlendo akakhala Windows 10 kapena 11 ya mabiti 64. Linux imadziwa ICH AC97 ndi Intel HD Audio yomwe, koma Windows zimenezi zilibe dalaiva wa AC97, ndipo zimangoika kachizindikiro ka X pa sipika pansi pa sikirini mpaka Audio Controller atasinthidwa.