Sivi yosokasoka imagwidwa pa madeti

Ntchito ikamveka ku malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay, achinyamata a ku Nkope amathamangira kotayipitsa sivi. Ambiri salemba yatsopano. Amatola zidutswa: china mu sivi yakale, china m'kalata ya umboni ya bwana, china pa WhatsApp. Chotuluka chimakhala ngati nsalu ya zigamba, zilembo zosiyana kukula, sukulu itasakanikira ndi ntchito.

Tiyerekeze mtsikana amene analemba MSCE mu 2017, nagwira nawo kalembera wa anthu ndi nyumba mu Seputembala 2018, kenaka n'kugwira ntchito pa loji ziwiri motsatana. Choyamba asamutsire zonse mu Notepad, kapena pomata mu Word asankhe Keep Text Only. Apo zilembo zachilendo ndi mizere yobwera ndi zidutswa zimatha, n'kutsala mawu okha. Akatero agawe pansi pa mitu: Personal Details, Work Experience, Education, Skills ndi Referees. Gawo ili silivuta.

Pamene pali ntchito ndi pa madeti. Kalata ya bwana ikuti anayamba 03/04/2021. Kuno kwathu timawerenga kuti 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga Malichi 4. Mankhwala ake n'kuchotsa tsiku, kulemba mwezi m'mawu ndi chaka chathunthu, mofanana pa mzere uliwonse, kuyambira ntchito yatsopano kubwerera m'mbuyo:

```
Apr 2021 – Present    Receptionist
Jan 2019 – Feb 2021   Waitress
Sep 2018              Census Enumerator
```

Madeti akafola chonchi, zolakwa zimadzionetsa zokha. Mu sivi yakale ya mtsikanayu, loji yoyamba inalembedwa kuti “2019 to date”, chifukwa panthawiyo anali akugwirabe komweko. Mawuwo akamatidwa osasintha, pepala limanena kuti iye ali pa ntchito ziwiri lero lino. Wolemba anthu ntchito sangamuimbire foni kuti afunse. Amangoika pepalalo pambali. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mwanayo sananame, wangoiwala mzere umodzi.

Mwezi wotsiriza ntchito autenge m'kalata ya umboni kapena pa pepala la malipiro, osati m'mutu. Mpata wa Malichi 2021 ausiye mmene ulili. Kukoka deti kuti mpata utsekeke n'koopsa, poti bwana wakale akafunsidwa adzatchula mwezi umene uli m'mabuku ake. Ngati ntchito ziwiri zinagwiridwadi nthawi imodzi, monga ganyu ya nyengo ya Khirisimasi alendo akachuluka kunyanja, alembe Part-time pambali pake.

Pa maphunziro chaka chokha chimakwana, bola chikhale chomwe chili pa satifiketi ya MANEB, osati chaka chimene anakaitenga ku sukulu. Pomaliza asunge ngati PDF, aitsegule pa foni yake, aone ngati madeti akadali pa mzere umodzi asanatumize.