Mawu ogulitsa m'chilimwe: mpumulo wa thupi ndi wa m'thumba

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limalamula malonda. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo ku Mangochi, Salima ndi Karonga anthu amagona pakhonde chifukwa m'nyumba za malata simugoneka. Nthawi imeneyi zikwangwani, mawailesi ndi mauthenga a pa WhatsApp amadzaza ndi otsatsa zakumwa zozizira, mafani ndi mafiliji a sola. Ambiri amangobwereza mawu amodzimodzi: "Zotchipa! Zamakono! Musaphonye!" Wogula amawerenga n'kupitirira, chifukwa mawuwo sanamuuze kanthu. Munthu amene watopa ndi dzuwa amafuna kumva zinthu ziwiri: kodi thupi langa lipumula bwanji, nanga ndalama zanga zitsala zingati? Uthenga wabwino umayankha mafunso awiriwa ndi mawu amene wogula angathe kuwatsimikiza yekha.

Tiyambe ndi zakumwa. Amene akugula thobwa kapena madzi pa depoti ya minibasi sakhala ndi nthawi yowerenga ndime yonse. Ludzu lamugwira pompo, choncho mawu akhale ochepa: chakumwacho, kuzizira kwake ndi mtengo wake. "Thobwa lozizira, langotuluka m'filiji, K500 botolo" ndi uthenga wokwanira. Mtengo ukalembedwa, munthu amayandikira mopanda mantha, pomwe ukabisika ambiri amachita manyazi kufunsa ndipo amangodutsa. Ngati mukufuna kukopa ndi kupulumutsa ndalama, tchulani banyira yeniyeni, monga "Gulani mabotolo 5, la 6 ndi laulere". Mawu akuti "mtengo watsika" sagwira mtima ngati simunanene kuti watsika kuchoka pa zingati kufika pa zingati. Komanso lonjezo la kuzizira liyenera kusungidwa mpaka madzulo. Ngati ayezi wa m'bokosi lanu amasungunuka pofika 2 koloko masana, lembani kuti "ozizira mpaka masana", chifukwa kasitomala amene wamwa madzi ofunda atalonjezedwa ozizira sabweranso mawa.

Pa mafani, cholakwa chofala n'kulemba kuti fani "imaziziritsa nyumba yonse". Fani siitsitsa kutentha kwa mpweya. Imangouyendetsa, ndipo mpweya ukamadutsa pakhungu thukuta limauma msanga, munthu n'kumva bwino. N'chifukwa chake kusiya fani ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu n'kungotaya magetsi. Mawu oona ndi amene amalozera pa munthu ndi pa nthawi imene akuvutika: "Gonani tulo usiku wa Okutobala" kapena "Mphepo yabwino pabedi usiku wonse". Mayi amene mwana wake amalira usiku chifukwa cha kutentha amadziwa nthawi yomweyo kuti uthengawo ndi wake.

Za ndalama pa fani n'zosavuta kuwerengera, ndipo ndi pamene wogulitsa angapambanire anzake. Pa fani iliyonse pamakhala kachizindikiro kosonyeza mawati ake. Fani yoimika pansi nthawi zambiri imadya mawati pafupifupi 50. Ikazungulira maola 8 usiku uliwonse kwa masiku 30, imatha mayunitsi 12 okha. Makina oziziritsa chipinda a mawati 1,000 angathe kudya mayunitsi okwana 240 pa maola omwewo ngati akugwira ntchito osapumira. Anthu ogula magetsi a ESCOM olipiriratu amawadziwa bwino mayunitsi, amawaona akutsika pa mita tsiku ndi tsiku. Choncho "Mayunitsi 12 okha pamwezi" ndi mawu amphamvu kuposa "yosadya magetsi". Pa fani yotchaja, yomwe anthu amaifuna chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, nenani maola amene batire limakhala ndipo nenaninso pa liwiro liti, chifukwa maola olembedwa pa katoni kawirikawiri amakhala a liwiro lotsika.

Filiji ya sola ndiyo imafuna mawu osamala kwambiri, popeza ndalama zake n'zambiri ndipo munthu amaganiza masabata angapo asanagule. Otsatsa ambiri amakonda kulemba kuti "magetsi aulere mpaka kale". Dzuwa ndi laulere, koma batire limatha mphamvu pakapita zaka ndipo limafuna kusinthidwa, mapanelo nawo amafuna kupukutidwa fumbi la chilimwe kuti azitchaja bwino. Wogula akazindikira izi atalipira kale, amauza mudzi wonse kuti ananamizidwa. Kunena kuti "palibe bilu ya mwezi ndi mwezi" n'zoona ndipo n'zokwanira.

Tiyerekeze mayi wa golosale pamalo a malonda kumene magetsi sanafike, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Tsiku lililonse amagula ayezi wa K3,000 kuti aziziritse zakumwa, zomwe ndi K90,000 pamwezi. Atakhala ndi filiji, zakumwa zingakhale zozizira mpaka usiku ndipo phindu lake lingakwere ndi K2,000 patsiku, kapena K60,000 pamwezi. Zonse pamodzi ndi K150,000. Ngati filiji pamodzi ndi mapanelo ndi batire ikugulidwa K1,200,000, ndalamayo ingabwerere pa miyezi 8. Koma miyezi 8 imeneyo ndi ya chilimwe chokhachokha. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, anthu amafuna tiyi, malonda a zozizira amatsika ndipo ayezi amagulidwa wochepa. Wotsatsa woona mtima alemba kuti: "Lekani kugula ayezi. Ngati mumawononga K3,000 patsiku, filiji iyi ingakubwezereni ndalama zanu pafupifupi pa chaka chimodzi." Mayiyo atenga kope lake la malonda, awerengera yekha, ndipo akapeza kuti zikugwirizana, akhulupirira ndi zina zonse zimene wauzidwa.

Kukula kwa filiji nakonso kunenedwe m'chiyankhulo cha wogula. Malita 100 sapereka chithunzi kwa munthu wa golosale. Iye akufuna kudziwa kuti mulowa mabotolo angati, kapena nsomba zochuluka bwanji ngati ali kunyanja. Ikani mabotolo m'filijimo, muwawerenge, mulembe nambala imene mwapeza. Nenaninso ngati imangoziziritsa kapena imaumitsa, ngati mtengowo ukuphatikiza mapanelo, batire ndi kuikira, ndiponso kuti ikawonongeka adzakonza ndani ndipo chitsimikizo chake n'cha miyezi ingati. Ngati malipiro ndi apang'onopang'ono, lembani ndalama yoyambira, ya mwezi uliwonse ndi chiwerengero chonse pamapeto. Kulemba ya pamwezi yokha m'zilembo zikuluzikulu n'kubisa zotsalazo ndi msampha umene umagwetsa mabanja m'ngongole.

Kwa inu ogula, njira yodziwira uthenga wabodza ndi yomweyi. Mukaona mawu okoma opanda nambala, funsani: mawati angati, maola angati, zonse pamodzi ndilipira zingati? Wogulitsa amene akuzembazemba pa mafunso amenewa wakuuzani kale zambiri. Lamulo la dziko lino limaletsa kutsatsa malonda monamiza, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a ogula. Sungani lisiti ndipo jambulani chikwangwanicho, chifukwa ndiwo umboni wanu.

Kwa inu ogulitsa, musanalembe chikwangwani cha chilimwe chino, yesani katundu wanu, werengerani manambala ake, kenako mulembe chokhacho chimene mungathe kuchiimira kasitomala akabwerera kudzafunsa. Chilimwe chimabwera chaka chilichonse, ndipo kasitomala amene simunamunamize chaka chino ndi amene adzakubweretsereni anzake chaka chamawa.